Lichero la nandolo: mmene mungafotokozere nzeru zamakina pa wailesi

Tiyerekeze kuti mwapatsidwa mphindi zitatu pa wailesi kuti muuze anthu a ku Namitambo, Thumbwe ndi Mbulumbuzi kuti masiku ano kompyuta imatha kuwerenga chithunzi cha m'chifuwa. Mukangonena kuti ndi "makina oganiza ngati munthu", mwayamba molakwika. Mawuwo si oona, komanso amaopseza. Ku Chiradzulu kuno sitinaiwale mphekesera za anamapopa za mu 2017, pamene mlendo wonyamula chipangizo chosadziwika ankakayikiridwa. Munthu wamantha sapita kukajambulitsa, ndipo chifuwa chachikulu chimapitiriza kufala m'nyumba mwake.

Nzeru zamakinazi, zomwe achinyamata amazitchula kuti Eyi Ayi, zinafika kale m'zachipatala. Pulogalamu ina yotchedwa CAD4TB inayesedwapo pa chipatala chaching'ono cha Bangwe ku Blantyre. Imayang'ana chithunzi cha ekisirei n'kupereka nambala ya pakati pa 0 ndi 100. Nambala ikakwera, ndiye kuti mapapowo akufanana kwambiri ndi a anthu odwala chifuwa chachikulu. Mu 2021, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza njirayi pofufuza matendawa mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo.

Nanga agogo amene akumvera uku akusenda chinangwa muwauza bwanji? Tengani lichero la nandolo. Mawu a pa wailesi angayende motere:

Muulutsi: Mayi, makinawa anadziwa bwanji mapapo odwala? Anapita kusukulu?

Mlangizi wa zaumoyo: Ayi bambo. Kumbukirani mmene mtsikana amaphunzirira kusankha nandolo. Agogo ake samulembera malamulo. Amangomuonetsa kuti uyu ndi wabwino, uyu wafumbwa, uyu wawola. Akaona malichero ambiri, maso ake amazolowera.

Muulutsi: Ndiye makinawo anaonetsedwa chiyani?

Mlangizi: Zithunzi zambirimbiri za m'chifuwa, chilichonse ndi yankho lake. Akalakwitsa ankakonzedwa, mpaka anazolowera maonekedwe okayikitsa.

Muulutsi: Akakayikira, ndiye kuti ndadwala basi?

Mlangizi: Ayi. Nandolo wokayikitsa timamuswa kuti tione m'kati. Kuchipatala timayeza makhololo.

Mzere womalizawu musauchotse ngakhale nthawi itathina, chifukwa ndi umene wanyamula uthenga wonse. Mtsikana uja akhoza kutaya nandolo wabwino chifukwa choti wadetsedwa ndi dothi. Makinanso amatero. Munthu amene anadwalapo chifuwa chachikulu n'kuchira amatsala ndi zipsera m'mapapo, ndipo nambala yake imatha kukwera ngakhale alibe matenda. Chibayo nachonso chimawasokoneza. Bambo wotere akamva pa wailesi kuti "makina amapeza matenda", adzabwerera kwawo ali kakasi, mwinanso kuyamba kugawa mbuzi zake, pomwe makhololo sanayezedwe n'komwe.

Kulakwitsa kwina n'koopsa kuposa apa. Nandolo amatha kuoneka wosalala kunja, nankafumbwe ali m'kati. Mwa anthu ena omwe ali ndi kachilombo ka HIV, makamaka chitetezo cha m'thupi chikatsika kwambiri, chithunzi chimatha kuoneka choyera matenda alipo. Izi n'zofunika m'boma lino, momwe anthu ambiri akhala akulandira mankhwala otalikitsa moyo kuyambira pomwe bungwe la MSF linayamba kuwapereka mu 2001. Choncho muulutsi afunsenso funso lina: "Nanga makina akati zili bwino, koma ine ndikutsokomolabe?" Mlangizi ayankhe mosazungulira kuti amene akutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kapena kuwonda abwerere kuchipatala ndipo anene zonsezo. Makina saona thukuta, samva kutsokomola.

Kwa makolo, onjezani chiganizo chimodzi chokhudza ana. Mtsikana amene anaphunzira pa nandolo mukamupatsa mapira, maso ake sathandiza kwenikweni. Makinawa anaphunzira kwambiri pa zifuwa za akuluakulu, ndipo mwana wamng'ono amafunika kuonedwa ndi dokotala.

Fanizo lililonse lili ndi polekezera. Mtsikana amadziwa kuti nandolo ndi ndiwo, ndipo amamva chisoni akataya wabwino. Makina sadziwa kuti mapapo n'chiyani, amangoyerekeza maonekedwe. N'chifukwa chake mawu ngati "kulosera" ndi "kuombeza" asapezeke papepala lanu, ngakhale mwanthabwala. Ine ndingapewenso mawu oti "makina akuti", m'malo mwake ndinene kuti "makina aonetsa".

Musanapite ku wailesi, awerengereni anthu atatu a m'mudzi mwanu pepalalo mokweza, kamodzi kokha, monga mmene adzalimvere. Kenako afunseni chimene angachite nambala yawo itakwera. Akayankha kuti ayamba kumwa mankhwala, bwererani mukalembenso. Akati akapereka makhololo, pitani nalo.