Poni amene Karpov anamuzinga osamudya

Mu 1981, mumzinda wa Merano ku Italy, Anatoly Karpov ndi Viktor Korchnoi ankalimbirana ukatswiri wa dziko lonse pa tchesi. Karpov anapambana masewero 6, Korchnoi awiri, ndipo 10 anathera osagonjetsana. Sewero lachisanu ndi chinayi ndi limene aphunzitsi amakonda kuonetsa ophunzira awo mpaka lero, chifukwa lonse linazungulira pa poni mmodzi, kamsilikali kotsika mtengo kwambiri pa bolodi.

Poni sabwerera m'mbuyo. Amayenda chakutsogolo, koma pakudya amadya chopingasa. Choncho mtetezi wake weniweni ndi poni mnzake wa mumzere woyandikana nawo, woima kumbuyo kwake pang'ono. Mtetezi ameneyu akasowa, ntchito yolondera imagwera zida zikuluzikulu monga ruku ndi mfumukazi, ndipo zida zimenezi zikakhala pa ulonda sizipita kunkhondo.

Kusowa kwa mtetezi kumabwera m'njira zitatu. Poni wa yekha alibe mnzake m'mizere iwiri yoyandikana naye. Maponi oberekana ndi awiri a mtundu umodzi oima mumzere umodzi, wina kumsana kwa mnzake, moti sangatetezane. Poni wotsalira anzake ali nawo, koma anapita patsogolo, ndipo iye akati asunthe kuti awapeze, amadyedwa.

Pa bolodi mizere yoima imatchulidwa ndi zilembo a mpaka h, yopingasa ndi manambala 1 mpaka 8. Korchnoi, yemwe anali ndi zoyera, anatsala ndi poni wa yekha pa d4 pofika kusuntha kwa nambala 10. Sanachite izi mwangozi. Poni wotere amapatsa mwini wake malo otakasuka: hatchi imakhazikika pa e5, maruku amapeza mizere yotseguka ya c ndi e, ndipo tsiku lina poniyo amatha kulumphira pa d5 n'kuswa mpanda wa mdani. Akatswiri ambiri apambana ndi poni wotereyu. Koma mphamvu zakezo zimagwira ntchito pokhapokha pa bolodi pakhale zida zambiri zoukira nazo.

Karpov anayambira pomwepo. Pa kusuntha kwa nambala 11 anaika hatchi pa h5, m'mbali mwenimweni momwe ophunzira amaletsedwa kuikamo hatchi, pofuna kukakamiza kuti mabishopu oyenda m'mabokosi akuda adyane. Bishopu wa Korchnoi atadya pa e7, Karpov anabwezera ndi hatchi yake ina, yomwe kuchokera pamenepo inayang'anitsitsa bokosi la d5. Bokosi la kutsogolo kwa poni wa yekha ndilo mtima wa nkhondo yonse. Palibe poni wa mdani amene angathamangitse chida choima pamenepo, ndipo poni wotsekeredwa sathawa. Aron Nimzowitsch anafotokoza bwino njira yotsekera imeneyi m'buku lake la My System, lomwe linayamba kutuluka mu 1925.

Kenako Korchnoi anadzilakwira yekha. Pa nambala 16 anapereka hatchi yake pa e4 kuti idyane ndi ya Karpov, zomwe mwini poni wa yekha sayenera kufuna. Posakhalitsa hatchi yake ya pa e5 inasinthana ndi bishopu wotsala wa Karpov, ndipo pa nambala 27 bishopu wake womaliza anadyana ndi hatchi pa d5. Panatsala mafumu, mafumukazi, maruku ndi maponi basi.

Apa ndipo ntchito inaoneka poyera. Pofika nambala 29, Karpov anali atandanditsa zida zitatu mumzere wa d: ruku pa d5, mfumukazi pa d7, ruku ina pa d8. Komabe kuunjika kokha sikukwanira, chifukwa woteteza nayenso amaunjika zake. Chofunika ndi poni woti akabaye, ndipo Karpov anali naye pa e6. Akanamukankhira pa e5, poni wa pa d4 sakanatha kumudya, popeza akangochoka mumzere wake, ruku ya Korchnoi ya pa d1 ikanadyedwa. Pofuna kuletsa zimenezi Korchnoi anakankhira poni wake wa f pa f4, ndipo potero anagumula mpanda wa mfumu yake. Bala limodzi linabala lachiwiri.

Karpov anakankhabe poni uja pa e5 pa nambala 35. Zida zitadyana, ruku yake inalowa pa d2, pafupi ndi mfumu yopanda chotchinga, mfumukazi n'kuyamba kuopseza kuchokera patali. Itatchinga mfumu kuchokera pa d5 pa nambala 43, Korchnoi anavomera kugonja, poona kuti ruku itsikira pa d1 ndipo mfumukazi yake itayika. Chochititsa chidwi n'chakuti poni wa yekha uja sanadyedwe konse. Masewero amatha ali moyo pa e5. Amene anamutsiriza Korchnoi ndi mtengo umene analipira pomulondera.

Maponi oberekana amafuna maso ena. Vuto lawo lalikulu nthawi zambiri silikhala kudyedwa, koma kulephera kubala poni womasuka woti akasanduke mfumukazi. Pa chiyambi cha Ruy Lopez, woyera amatha kupereka bishopu wake kuti adye hatchi ya pa c6, wakuda n'kubwezera ndi poni wa d. Maponi a pakati akadyana, woyera amakhala ndi anayi polimbana ndi atatu kumbali ya mfumu, ndipo anayiwo amabala poni womasuka. Wakuda nayenso ali ndi anayi polimbana ndi atatu mbali inayo, koma awiri ndi oberekana, moti atatu a woyera amawatsekereza. Woyera amangofuna kuti zida zonse zidyane. Emanuel Lasker anagonjetsa José Raúl Capablanca ndi chiyambi chimenechi ku St Petersburg mu 1914, ndipo Bobby Fischer anachitsitsimutsa ku Havana mu 1966. Wakuda sikuti amangoluza ayi: amatsala ndi mabishopu onse awiri, ndipo akapewa kusinthana zida, iwowa amabweza ngongoleyo.

Poni wotsalira amaukiridwa pafupifupi ngati wa yekha. Pa chiyambi cha Sicilian chotchedwa Sveshnikov, wakuda amakankhira poni pa e5, wa c atadyedwa kale, ndiye wa pa d6 amatsala kumbuyo ndi dzenje patsogolo pake pa d5. Woyera amayamba ndi kudya hatchi ya pa f6 yomwe imalondera dzenjelo, n'kukhazikamo hatchi yake, kenako maruku amabwera pambuyo. Komatu Magnus Carlsen anasankha dala chiyambi chimenechi poteteza ukatswiri wake kwa Fabiano Caruana ku London mu 2018, ndipo sanaluze nacho sewero ngakhale limodzi. Bishopu mmodzi pa e7 amakwanitsa kulondera d6, zida zinazo n'kumachita zawo. Nthawi zina hatchi ya pa d5 ikadyedwa, woyera amabwezera ndi poni, mzere n'kutsekeka, ndipo maruku sangamuonenso wotsalira uja.

Osewera ongoyamba kumene amalakwa pothamangira kudya poni wofooka asanamutsekere, ndiye poniyo amasuntha, n'kudyana ndi wina, kufooka konse n'kutha. Karpov anadikira kuchokera pa nambala 10 mpaka 35 asanabaye, ndipo nthawi yonseyo poni wa Korchnoi sanapeze mpata wabwino wofikira pa d5.