Kusaka tsiku limene pulogalamu inasokonekera: mmene git bisect imagwirira ntchito

Tiyerekeze sitolo ya zipangizo zomangira nyumba imene ili ndi pulogalamu yolembera malisiti. Kasitomala akagula katundu wa K20,000 n'kuchotseredwa 10 peresenti, lisiti liyenera kunena K18,000. Lero likunena K16,200. Mwini sitolo akuti miyezi iwiri yapitayo zonse zinali bwino, koma m'miyezi imeneyo anthu atatu olemba pulogalamuyo aisintha ka 200. Aliyense akuti iye sanakhudze za mitengo.

Olemba mapulogalamu ambiri amasunga ntchito yawo mu Git, chida chimene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 2005 kuti chisunge mbiri ya Linux. Munthu akasintha kanthu n'kukasunga, Git imalemba chimene chasintha, amene wasintha, tsiku, ndi mawu ofotokoza. Kusintha kumodzi kotere kumatchedwa `commit`, ndipo Git ingathe kubwezera pulogalamu yonse mmene inalili pa kusintha kulikonse. Choncho cholakwacho chili penapake m'mbiriyo. Kuwerenga zosintha 200 chimodzichimodzi kungadye masiku, ndipo mzere wolakwika kawirikawiri umaoneka wosalakwa.

Lamulo la `git bisect` limachita zimene mumachita posaka nyimbo m'buku la nyimbo kutchalitchi: mumatsegula pakati, n'kuona ngati mwapitirira kapena simunafike, kenako theka losafunikalo mumalisiya. Poyamba mumauza Git malo awiri, pamene pulogalamu ndi yoipa ndi pamene mukudziwa kuti inali bwino. Tinene kuti imene inkagwira bwino inapatsidwa dzina loti `v2.3`.

```
git bisect start
git bisect bad
git bisect good v2.3
```

Mzere wachiwiriwo ukunena kuti pamene tili panopa pali vuto. Git imawerenga zosintha za pakatipo, n'kubwezera mafayilo anu onse pa kusintha kwapakati, kenako imalemba kuti:

```
Bisecting: 99 revisions left to test after this (roughly 7 steps)
```

Apa ikukuuzani kuti mukayesa pano patsala zosintha 99, ndipo muyesanso pafupifupi ka 7. Tsopano ntchito ndi yanu. Yendetsani pulogalamuyo, lowetsani K20,000 ndi 10 peresenti, muone chotuluka. Ikapereka K18,000 lembani `git bisect good`. Ikapereka K16,200 lembani `git bisect bad`.

Git imatchula zosintha ndi zilembo zosakanikirana ndi manambala, koma kuti tione bwino tizipatse manambala 1 mpaka 200. Pa 100 lisiti latuluka bwino, ndiye kuti 1 mpaka 100 zilibe mlandu. Git yatipititsa pa 150, ndipo apo latuluka K16,200. Vuto linalowa pakati pa 101 ndi 150. Pa 125 zili bwino, kwatsala 25. Zikupitirira choncho, 13, 7, 4, 2, mpaka chitsale chimodzi. Titayesa ka 8 kokha, Git ikulemba dzina la kusinthako motsatidwa ndi mawu akuti `is the first bad commit`, pamodzi ndi wolemba, tsiku ndi mafayilo amene anakhudzidwa. Zosintha zikanakhala 1,000 tikanayesa pafupifupi ka 10, chifukwa mbiri ikawirikiza kawiri kutalika, kuyesa kumangowonjezeka kamodzi.

Lamulo la `git show` limaonetsa mizere yeniyeni imene inasinthidwa. M'chitsanzo chathu, wina ankakonza kaonekedwe ka lisiti ndipo anaika kuchotsera mtengo pamalo osindikizira, osadziwa kuti kunachitika kale powerengetsa. 10 peresenti ikuchotsedwa kawiri: K20,000 kukhala K18,000, kenako K16,200. Sananame ponena kuti sanakhudze mitengo. M'maganizo mwake ankakonza lisiti. Mukamaliza lembani `git bisect reset` kuti mubwerere pamene munali. Ambiri amaiwala, mawa lake n'kudabwa kuti ntchito yawo ya sabata yatha yapita kuti, pamene ili bwinobwino, kungoti akuyang'ana mafayilo akale.

Git yokha sidziwa kuti vuto n'chiyani. Siyesa lisiti, imangokhulupirira yankho lanu, ndipo apa ndi pamene zinthu zimapotoka. Mukanena kuti 125 ndi yabwino pamene inali yoipa, Git imataya theka limene muli wolakwa weniweni, n'kupitiriza mosakayika mpaka kuloza kusintha kosalakwa. Chizindikiro chake ndi yankho losamveka, monga kusintha kumene kunangokonza kalembedwe ka mawu m'fayilo ya malangizo. Zikatero musayambirenso zonse. Sungani mayankho anu ndi `git bisect log > mbiri.txt`, fufutani m'fayiloyo yankho lokayikitsalo ndi onse otsatira, lembani `git bisect reset`, kenako `git bisect replay mbiri.txt`.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti ntchito yaikulu imachitika musanalembe `start`. Pezani njira imodzi yoonetsera vutolo nthawi zonse, ndi manambala omwewo. Yesaninso `v2.3` yeniyeniyo ndi manja anu, osangodalira mawu a mwini sitolo, chifukwa mwina vutolo linalipo kale koma palibe anachotserapo kasitomala mtengo. Vuto lobwera mwa apo ndi apo, loonekera kamodzi pa kasanu, ndi loopsa kwambiri: likaoneka mukudziwa kuti pamenepo ndi poipa, koma likapanda kuoneka simunadziwe kanthu. Vuto lotere limafuna kuyesa kambirimbiri musananene kuti zili bwino.

Nthawi zina Git imakufikitsani pa kusintha kumene pulogalamu siyaka n'komwe, pa chifukwa china chosakhudzana ndi malisiti. Musanene kuti ndi yoipa, poti funso lathu ndi la K16,200. Lembani `git bisect skip` ndipo isankha kusintha kwina. Zolumphidwazo zikakhala zoyandikana ndi wolakwayo, Git imavomera kuti yalephera kusankha chimodzi, n'kukupatsani mndandanda wa zokayikitsa.

Kuyesa kukakhala kotheka ndi lamulo limodzi, mungasiyire kompyuta ntchito yonse. Lembani kafayilo aka, kotchedwa `yesa.sh`:

```
#!/bin/sh
make || exit 125
./lisiti 20000 10 | grep -qx 18000
```

Mutauza Git malo awiri aja, lembani `git bisect run sh ~/yesa.sh`. Kafayiloka kakamaliza kamabweza nambala. 0 amatanthauza zabwino, 125 amatanthauza lumpha, ndipo nambala ina iliyonse kuyambira 1 mpaka 127 imatanthauza zoipa. Mzere wachiwiri ukuti pulogalamu ikakana kumangika ilumphidwe; wachitatu ukuona ngati yankho ndi 18000 ndendende. Kafayiloka kasungeni kunja kwa foda ya pulogalamu, chifukwa Git ikamabwerera m'mbuyo imasintha mafayilo amene ikuwasunga, ndipo choyesera chanu chingasinthe kapena kusowa pakati pa ulendo.

Malire a chidachi amaikidwa ndi mmene anthu ankasungira ntchito yawo. Ngati wolakwa uja anasintha mizere 12, muupeza mzere woipawo musanamalize kapu ya tiyi. Ngati anasunga ntchito ya sabata yathunthu pakamodzi, mafayilo 40 ndi mawu oti "zakonzedwa", Git ilozabe kusinthako molondola, koma mizere masauzande ya mkati mwake muiwerenga nokha. Komanso ngati chasintha chili kunja kwa Git, monga mitengo yosungidwa pa kompyuta ya kusitolo kapena pulogalamu ina imene yanuyo imadalira, ngakhale `v2.3` ipereka K16,200, ndipo mudziwa pa kuyesa koyambako kuti muyenera kukasaka kwina.