Mtengo womwe umaulula mmene sheya idumphire

Miyezi itatu iliyonse, makampani a pamsika wa masheya ku Amerika amalengeza phindu lomwe apeza. Ambiri amalengeza msika utatseka, ndipo kukacha sheya imatha kukwera kapena kugwa kwambiri. Palibe amene amadziwiratu komwe ilowere, koma kukula kwa kudumphako amalonda amakhala atakuikira kale mtengo.

Mtengowo umapezeka pa maopushoni. Pakompyuta ya wogulitsa masheya pamakhala mizere iwiri: Call, yomwe ndi ufulu wogula sheya pamtengo woikika, ndi Put, ufulu woigulitsa. Kugula zonse ziwiri pamtengo woikika umodzi, wofanana ndi wa sheya lero, amati sitirado. Woigula salabadira kuti sheya ikwera kapena itsika, bola isunthe kwambiri.

Tiyerekeze kuti sheya ili pa madola 200 ndipo kampani ilengeza Lachinayi madzulo. Mumasankha maopushoni othera Lachisanu la sabata yomweyo, pamtengo woikika wa 200. Call ikugulidwa madola 6.20, Put madola 5.80. Kuphatikiza ndi madola 12, omwe ndi 6 peresenti ya 200. Ndiye kuti msika ukuyembekezera kuti sheyayo isuntha pafupifupi madola 12, kukwera kufika 212 kapena kutsika kufika 188.

Ambiri amayesa kuti manambala awiriwa ndi mpanda woti sheya singaudumphe. Ayi ndithu. Madola 12 aja ndi kusuntha kwapakatikati chabe, ndipo mwa masamu ake sheya imathera mkati mwa malirewo pafupifupi ka 6 pa maulendo 10 alionse. Maulendo otsalawo imapitirira, nthawi zina kutali zedi: mu Epulo 2022 sheya ya Netflix inagwa ndi 35 peresenti tsiku limodzi, kampaniyo itanena kuti olembetsa ake achepa.

Kuwerengaku kumasokonekera mukatenga maopushoni othera mwezi wamawa, chifukwa mtengo wake umaphatikizamo kusuntha kwa masabata onse otsatirawo. Onaninso Bid ndi Ask. Tengani nambala ya pakati pake, koma zikatalikirana kwambiri dziwani kuti ogula ndi ochepa ndipo yankho lanu silodalirika.

Chondidetsa nkhawa ndi anthu omwe amaona 6 peresenti n'kuthamangira kugula. Opushoni imodzi imaimira masheya 100, choncho sitirado yathu ija ndi madola 1,200. Maopushoni amakwera mtengo chifukwa anthu sakudziwa zomwe zilengezedwe, ndipo zikangolengezedwa mtengo woonjezerawo umatha nthawi yomweyo. Sheya ikatseka pa 207 Lachisanu, Call imatsala ndi madola 7, Put n'kukhala yopanda ntchito. Sheya yasunthadi, nyuzipepala zalemba, koma wogula uja wabweza madola 700 okha ndipo wataya 500.