Milatho 7 ya ku Königsberg ndi mafunso awiri ooneka ngati mapasa

Mzinda wa Königsberg, umene lero umatchedwa Kaliningrad ku Russia, unagawidwa ndi mtsinje wa Pregel m'zigawo zinayi: tsidya la kumpoto, tsidya la kummwera, chilumba chapakati ndi dera la kummawa. Milatho 7 ndi imene inkalumikiza zigawozi. Funso linali lakuti, kodi munthu angawoloke mlatho uliwonse kamodzi kokha, osadumpha ndi umodzi womwe? Mu 1736 katswiri wa masamu Leonhard Euler anaonetsa kuti n'zosatheka, ndipo anachita izi pongowerenga milatho.

Masiku ano timajambula dera lililonse ngati dontho, mlatho uliwonse ngati mzere wolumikiza madontho awiri. Chithunzi choterechi akatswiri amachitcha galafu. Ulendo woyenda pamzere uliwonse kamodzi n'kubwerera pamene unayambira ndiwo ulendo wozungulira wa Euler. Njira ya Hamilton imafuna zina: kufika pa dontho lililonse kamodzi kokha, ngakhale mizere ina itatsala osapondedwa, ndipo kubwerera koyambira sikofunikira.

Mfundo ya Euler ndi yosavuta. Mukalowa pa dontho ndi mzere umodzi, muyenera kutulukapo ndi mzere wina. Choncho mizere ya pa dontho lililonse iyenera kukhala iwiriiwiri, kutanthauza kuti chiwerengero chake chigawike ndi 2 popanda wotsala. Ngati madontho onse ali otero, ndipo galafu ndi yolumikizana yonse, ulendo wozungulira ulipo ndithu; umboni wa Carl Hierholzer wotsimikiza mbali imeneyi unasindikizidwa mu 1873. Ngati madontho awiri okha ali ndi mizere yosagawika ndi 2, mungayende mizere yonse kuchokera pa limodzi n'kukathera pa linzake, koma simubwerera koyambira. Akaposa awiri, palibe kuchitira mwina.

Ku Königsberg chilumba chinali ndi milatho 5: iwiri yopita kumpoto, iwiri kummwera, umodzi kummawa. Zigawo zina zitatu zinali ndi milatho 3 chilichonse, popeza dera la kummawa linalumikizidwanso ndi matsidya onse awiri. Manambala onse anayi ndi osagawika ndi 2, ndiye nkhani yathera pomwepo. Komabe njira ya Hamilton ilipo mumzinda womwewu: yambani kumpoto, wolokerani pachilumba, pitani kummwera, kathereni kummawa. Mwafika paliponse kamodzi, ndi milatho itatu yokha.

Zimathekanso kutembenuka. Jambulani dontho limodzi pakati ndi madontho 6 molizungulira. Lumikizani lililonse mwa 6 aja ndi lapakati, kenako alumikizeni awiriawiri, kuti pakhale zithunzi zitatu za ngodya zitatu zokumana pakatipo. Lapakati lili ndi mizere 6, enawo 2 lililonse, choncho ulendo wa Euler ulipo. Koma fufutani dontho lapakati: patsala zidutswa zitatu zosagwirana. Njira ya Hamilton imadutsa pakatipo kamodzi kokha, motero ingalumikize zidutswa ziwiri basi, chachitatu n'kutsala. Mwachidule, mukachotsa madontho angapo ndipo zidutswa zotsala n'kuposa chiwerengero cha ochotsedwawo kuwonjezera 1, njira ya Hamilton palibe. Palibenso ngati madontho atatu kapena kuposa ali ndi mzere umodzi wokha, chifukwa dontho lotere limangokhala poyambira kapena pothera.

Dzina la njirayi linachokera kwa William Rowan Hamilton wa ku Ireland, amene cha m'ma 1857 anakonza masewera oyendera nsonga 20 za chinthu cha nkhope 12. Chimene ine chimandidabwitsa n'chakuti mpaka lero palibe lamulo lachidule longa la Euler loyankha funso lake. Pali zothandiza zokha. Mu 1952 Gabriel Dirac anatsimikiza kuti mu galafu ya madontho atatu kapena kuposa, ngati dontho lililonse lalumikizidwa mwachindunji ndi theka la madontho onse kapena kuposa, njirayi ilipo, yobwerera ndi koyambira komwe. Apa ambiri amapunthwa poganiza kuti galafu yolephera muyeso wa Dirac ilibe njira. Ayi: madontho 10 olumikizidwa ngati mkombero ali ndi mizere 2 lililonse, kutali ndi 5, koma njira yake aliyense akuiona.

Miyeso imeneyi ikapanda kuyankha, chotsala ndi kufufuza, ndipo kufufuzako kumakula moopsa. Madontho 20 okha angandandalikidwe m'njira zoposa mabiliyoni 2 kuchulukitsa ndi biliyoni. Mu 1972 Richard Karp anaika funso la ulendo wozungulira wa Hamilton m'gulu la mafunso amene yankho lake n'losavuta kulitsimikiza wina akakupatsani, koma njira yachangu yolipezera nthawi zonse sinapezekebe.

Choncho mukapatsidwa galafu, yambani mwafunsa ngati chofunika ndi mizere yonse kapena madontho onse. Ngati ndi mizere, werengani ndipo yankho mulipeza pomwepo. Ngati ndi madontho, musanene kuti njira palibe chabe chifukwa mwayesa n'kulephera. Onetsani madontho amene akachotsedwa amaphwasula galafuyo, kapena chifukwa china chogwirika.