Mphete ya golide kapena yongokutira golide?

Chinkhoswe chatha bwino, ukwati wadalitsidwa, anthu afupa mpaka kukhuta. Koma pakangotha miyezi itatu, mphete ija yayamba kuthimbirira ndipo chala cha mayi chasanduka chobiriwira. Apa ndiye mafunso amayamba: "Kodi bambo, si munkati ndi ya golide imeneyi?" Nthawi zambiri vuto silikhala mphete ayi, koma mawu amene ananenedwa poigula ndi poipereka.

Zodzikongoletsera monga mphete, ndolo, zibangiri ndi matcheni a m'khosi zili m'magulu awiri. Zina ndi golide kapena siliva kunja ndi m'kati momwe. Zina m'kati mwake ndi mkuwa kapena chitsulo, golide anangokutira pamwamba. Zonsezi zimawala mofanana zikakhala m'sitolo, n'chifukwa chake maso okha sangakuuzeni zoona.

Poyamba tembenuzani mphete muwerenge timanambala tam'kati. Golide yekhayekha ndi wofewa kwambiri, choncho amamusakaniza ndi mkuwa kapena siliva kuti alimbe. Nambala 375 ikutanthauza kuti mwa magawo 1,000 a mpheteyo, 375 ndi golide, ndipo ameneyu ndi amene amati wa makarati 9. Nambala 585 ndi makarati 14, pomwe 750 ndi makarati 18. Pa siliva mudzapeza 925. Koma mukaona zilembo GP, dziwani kuti golide anangokutira pamwamba. Ngakhale palembedwe 18K GP, makarati 18 akunena za chikutiro chokhacho, osati mphete yonse.

Tiyerekeze mphete ziwiri zolemera magalamu 4 iliyonse. Yoyamba yalembedwa 375, ndiye kuti muli golide wokwana galamu imodzi ndi theka. Ikakandika, pansi pake mupeza mtundu womwewo, ndipo mmisiri atha kuipukuta kapena kuikulitsa. Yachiwiri yalembedwa GP. Chikutiro cha mphete zotsika mtengo chimakhala chopyapyala kwambiri kuposa tsitsi limodzi, moti golide yense ali pamenepo sangafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a galamu. Mphete yotere imayamba kusupuka kumunsi kwa chala, kumene imakhulana ndi mpini wa khasu kapena chogwirira cha ndowa. Mkuwa wam'kati ukakumana ndi thukuta, ndiye kubiriwira kuja. Kubiriwirako si matenda ndipo kumachoka ndi sopo, koma chala chikamayabwa n'kutuluka tizilonda, ivuleni, chifukwa khungu la anthu ena siligwirizana ndi chitsulo cha nikelo.

Musadalire manambala okha, pakuti akathyali amadinda 750 ngakhale pa mkuwa. Maginito amathandiza pang'ono: mphete ikakakamira, ndiye kuti si golide kapena siliva mpaka m'kati. Koma ikapanda kukakamira musafulumire kusangalala, chifukwa mkuwa nawo sukoka maginito. Ngati mukulipira ndalama zambiri, pemphani wogulitsa alembe pa lisiti mtundu wa chitsulo, makarati ndi kulemera kwake. Akayamba kuzembazemba, mwamva kale yankho.

Kasamalidwe nako n'kosiyana. Yokutira muzivula pochapa, potsuka mbale ndi posamba. Dzolani mafuta ndi kuthira pefyumu kaye, kenako valani. Ikada, ipukuteni ndi kansalu kofewa basi. Phulusa, mchenga kapena mankhwala otsukira mano zimachotsa dothi pamodzi ndi golide yemweyo. Ya golide weniweni imayera ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, koma isakhudze jiki chifukwa amawononga zitsulo zosakanizidwa zija.

Siliva weniweni amada ndithu, ndipo kuda kwakeko si umboni woti mwaberedwa. Amada akakumana ndi salufa amene amapezeka mumpweya, m'mazira ndi m'malabala. Yalani pepala la aluminiyamu lokulungira chakudya m'mbale, thirani kapu imodzi ya madzi otentha ndi supuni imodzi ya soda, ndipo ikani tcheni kapena mphete ikhudze pepalalo kwa mphindi zochepa. Tsukuluzani, umitsani bwino n'kusunga m'kathumba kotseka. Njirayi musaigwiritse ntchito pa zokhala ndi timiyala tomata.

Tsono kwa inu anyamata amene mukukonzekera ukwati, mphete yokutira si yochititsa manyazi. Chochititsa manyazi n'kuitchula dzina losakhala lake. Nenani poyera kuti: "Iyi ndi yamkuwa yokutira golide, tikapeza bwino tidzagula ina." Inunso makolo, popatsa mwana wanu ndolo kapena tcheni, muuzeni chimene chili, kuti asadzapite nacho kokagulitsa pa tsiku la mavuto n'kubwerako manja ali m'khosi. Mphete yosupuka mmisiri atha kuikutiranso, koma mnzanu akakugwirani bodza pa chinthu chimene munalumbirira pamaso pa anthu, zimatenga nthawi kuti akukhulupirireninso.