Chifukwa Chake Katemera wa Chikuku Amadikira Miyezi 9

Mayi amene watsegula bukhu la kusikelo la mwana wake, nawona masiku amene alangizi a zaumoyo alembamo, angayese kuti anangowasankha monga mwa kufuna kwao. Koma tsiku lililonse m'menemo linayesedwa ndi zinthu ziwiri, ndizo msinkhu umene nthenda iyamba kugwira ana, ndi msinkhu umene thupi la mwana likhoza kulandira katemera ndi kupindula naye.

Pakuti khanda libadwa ndi chitetezo chobwereka kwa mayi wake, chimene chinalowa m'magazi ake lili m'mimba, ndipo chimanka chichepa mwezi ndi mwezi. Pa nthenda zimene sizidikira, akuti m'mera mpoyamba: mwana akangobadwa alandira BCG wa chifuwa chachikulu, amene atupitsa kachironda paphewa nasiya chipsera, pamodzi ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 alandira jakisoni woteteza ku nthenda zisanu, mwa izo chifuwa chokoka mtima ndi kafumbata, ndiponso wina wa chibayo.

Za chikuku n'zina. Chitetezo cha mayi chikadali chochuluka m'thupi chimafooketsa katemerayo asanagwire ntchito, kotero kuti wobayidwa msanga angatsale ngati wosabayidwa. Komanso kuchedwa kumusiya mwana pambalambanda, pamene chobwereka chija chatha ndipo chake chisanabwere. Chifukwa chake m'Malawi anaika miyezi 9, msinkhu umene ana pafupifupi 85 mwa 100 atetezeka ndi jakisoni mmodzi, naikanso wachiwiri pa miyezi 15 kuti atole otsalawo. Wachiwiriyu ndiye amene ambiri amuiwala, popeza mwana wayamba kuyenda ndipo makolo ayesa kuti za sikelo zatha.

Nanga amene waphonya tsiku? Tinene kuti mwana analandira wa masabata 6, mayi wake nadwala, nabwera naye ali ndi miyezi 5. Sayambiranso pachiyambi ayi, pakuti thupi siliiwala. Ampatsa wachiwiri tsiku lomwelo, ndi wachitatu patapita masabata 4, osati asanakwane. Chimfine chaching'ono sichiletsa kubaya, ngakhale agogo ambiri anena kuti chiletsa.

Nzeru yomweyi itsata mwana wamkazi kufikira akula. Katemera wa HPV aperekedwa pa zaka 9, mtsikana asanakumane ndi kachirombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, pakuti katemerayo atchinga koma sachiza. Ndipo popeza khansayo imera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, amayi ayezedwa kuyambira zaka 25 kufikira 49, namwino napaka viniga pakhomopo kuti malo odwala ayere, nathandizidwe asanasanduke khansa.

Inu amene mwana wanu wapyola miyezi 15, tsegulani bukhulo lero. Ngati malo a chikuku chachiwiri ali osalemba, mupite naye kusikelo ikudzayi.