Makwerero a mantha: momwe aphungu amathandizira mwana wankhawa

Mu 1924, katswiri wa zamaganizo wa ku America, Mary Cover Jones, analemba za kamnyamata ka zaka pafupifupi zitatu komwe kankaopa kalulu woyera. Jones sanakanyoze, komanso sanakabisire kaluluyo. Ankakapatsa chakudya chapamtima pake, kalulu ali m'chikwere chapatali, ndipo tsiku ndi tsiku chikwerecho chinkasendera pafupi. Mapeto ake kamwanako kanayamba kusisita kalulu uja ndi manja ake.

Nzeru imeneyi ndiyo ili pakati pa chithandizo chosintha kaganizidwe ndi kachitidwe ka munthu, chomwe achipatala amangochitchula kuti CBT. Mbali yake ya maganizo anaikhazikitsa ndi Aaron Beck m'zaka za m'ma 1960, pothandiza akuluakulu. Wodwala ankalemba maganizo omwe akumusautsa, n'kumawafufuza ngati ali oona. Koma mwana wa zaka 8 mukamufunsa kuti akuganiza chiyani, yankho lake ndi "kaya". Nchifukwa chake Philip Kendall wa ku yunivesite ya Temple ku Philadelphia anakonza ndondomeko ya ana a zaka 7 mpaka 13, yokhala ndi kabuku ka zithunzi za mphaka wamantha. Mwana amakumana ndi phungu maulendo 16. Theka loyamba ndi lophunzira kuzindikira mantha, ndipo theka lachiwiri ndi lokumana nawo.

Tiyerekeze mtsikana wa Sitandade 3 yemwe m'mawa uliwonse wa sukulu amadandaula m'mimba, n'kumakakamira chitenje cha mayi ake akulira. Kuchipatala amuyeza, malungo alibe, njoka za m'mimba alibe. Loweruka m'mimbamo mumakhala ziii. Mwanayu sakunama ayi. Mantha amapotokoladi m'mimba, amathamangitsa mtima, amatulutsa thukuta m'manja.

Phungu amayamba ndi pepala ndi makrayoni. Amajambula thupi la munthu n'kunena kuti, "Tapaka utoto pamene mantha amakhala akakubwerera." Mtsikana uja apaka chofiira pamimba ndi pachifuwa. Apa waphunzira chinthu chachikulu, choti kupweteka kuja ndi chizindikiro chakuti mantha afika, osati chakuti akufa. Kenaka ajambula nkhope zisanu, kuyambira yosekerera mpaka yolira, kuti azitha kuloza kukula kwa mantha ake. Ana okulirapo amagwiritsa manambala, kuyambira 0 mpaka 10. Kupuma modekha amaphunzira pouzira thovu la sopo, chifukwa ukauzira mwaphuma thovulo limaphulika.

Maganizo amawakoka mozungulira. Phungu ajambula mwana wina ataima pageti la sukulu, pamwamba pa mutu wake pali kamtambo kopanda mawu. "Mnzathuyu akuganiza chiyani?" Za mwana wa papepala n'zosavuta kunena, ndipo mtsikana uja ayankha kuti, "Akuopa kuti amayi ake agundidwa ndi galimoto iye ali m'kalasi." Zomwe sakanaulula atafunsidwa mwachindunji zatuluka. Tsopano asewera wapolisi wofufuza umboni. Pa tsiku lililonse lomwe akukumbukira kuti mayi anapita kumsika n'kubwerako, aponya nyemba imodzi m'mbale yakumanja, ndipo pa tsiku lomwe sanabwereko aponya m'mbale yakumanzere. Mbale imodzi idzaza, inayo ikhala yopanda kanthu. Mawu odzilimbitsira mtima awapeke yekha, monga "Amayi amapita, amabwera", pakuti mawu opatsidwa ndi wamkulu sachedwa kuiwalika mantha akabuka.

Komabe zonsezi ndi kukonzekera chabe. Chimene chimachiza kwenikweni ndi makwerero. Mwana ndi phungu ajambula makwerero n'kulemba pa sitepe iliyonse chinthu choopsa, chaching'ono pansi, chachikulu pamwamba. Pansi penipeni, pomwe mtsikana wapereka 2, pali kukhala m'nyumba mphindi 10 mayi ali panja kuchapa. Pa 4 pali kutsala ndi azakhali mayi atapita kugolosale kwa mphindi 15. Pa 6 pali kuswera masana onse kwa mnzake, pa 7 kutsanzikana ndi mayi pakhomo la kalasi, ndipo pa 9 kupita kusukulu ndi anzake n'kukhala mpaka kuweruka.

Asanakwere sitepe, mwana amanena chomwe akuganiza kuti chichitika ndi nambala ya mantha ake. Akamaliza amayerekeza: zachitikadi? Sitepe imodzi amaibwereza masiku angapo, ndipo aphungu ambiri amadikira kuti nambala itsike ndi theka asanapite pa yotsatira. Chifukwa chake n'chakuti mwana akathawa chomwe akuopa, mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, ndiye amaphunzira kuti kuthawako ndiko kwamupulumutsa. Mawa mantha amabwera atakula. Akapirira n'kuona kuti choipa chija sichinachitike, amaphunzira zina. Mphotho, kaya ndi kanyenyezi papepala kapena kusewera fulaye ndi mayi ake madzulo, amalandira chifukwa choyesa, ngakhale analira. Za sukulu sazisiya mpaka kumapeto: ngati wasiya kupita, amayamba msanga kumakhalako ola limodzi kapena awiri, chifukwa kujomba kukatalika kubwerera kumavuta.

Pomwe zinthu zimasokonekera kawirikawiri ndi kunyumba, ndipo chimasokoneza ndi chikondi chenicheni. Mayi akaona misozi amati, "Basi, lero gona, upita mawa." Mwana akafunsa kakhumi ngati abweredi, amayankha kakhumi konse. Eli Lebowitz wa ku yunivesite ya Yale anakonza chithandizo chomwe phungu amakumana ndi makolo okha, kuwaphunzitsa kuchepetsa kupulumutsa kotereku. Phungu angauze mayi uja kuti, "Mayi, muyankheni kamodzi. Muuzeni kuti mukudziwa kuti akuopa, komanso kuti mukukhulupirira kuti akwanitsa, kenaka nyamukani." Kuzemba mwana asakuona n'koipa zedi, chifukwa kumatsimikizira chomwe amaopa, choti mayi atha kungosowa. Ndipo kumukwapula kapena kumuopseza ndi jakisoni kumangowonjezera mantha ena pa omwe alipo kale.

Zizindikiro zakuti ntchito yapotoka zimaoneka. Mwana akakaniratu sitepe, ndiye kuti yatalika, ichepetsedwe: mphindi 15 zikhale 5. Nambala ikakhala yosatsika patapita masiku, fufuzani ngati ali ndi pothawira pobisika, monga kusuzumira pawindo nthawi yonse kapena kuimbira mayi pafoni ya azakhali. Vuto lina ndi la phungu mwini. N'kosavuta kutha miyezi mukujambula ndi kusewera, mwana akusangalala, makolo akuyamikira, koma makwerero osakwera. Ine ndimaona kuti uku n'kumulakwira mwana, chifukwa amachoka akudziwa kufotokoza mantha ake bwinobwino koma akuopabe geti la sukulu.

Chithandizochi si cha onse. Pa kafukufuku wamkulu wa ku America yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2008, wokhudza ana 488 a zaka 7 mpaka 17, pafupifupi 60 pa 100 alionse omwe analandira CBT yokha anapeza bwino kwambiri, ndipo omwe anaphatikiza ndi mankhwala anafika pafupifupi 81 pa 100. Ana osakwana zaka 7 masewero ofufuza maganizo amawavuta, choncho ntchito yambiri imadzera mwa makolo.

Makwerero ndi a mantha opitirira muyeso, osati a choopsa chenicheni. Phungu asanawajambule ayenera kufunsa mwana payekha ngati pali wina yemwe amamumenya, kumulanda chakudya panjira kapena kumugwira mosayenera. Ngati alipo, makrayoni ayambe aikidwa pambali, nkhaniyo ipite kwa mphunzitsi wamkulu, kwa a zachitetezo cha ana kapena kupolisi.